Koloko si waya wamba, musamangoyiphatika pa geti ya AND

Anzanga amene mukuphunzira kupanga matchipi, pali mzere umodzi umene ndikauona mu Verilog ya munthu mtima umandiwawa, ndipo ndi uwu:

```
assign gclk = clk & en;
```

Ganizo lakelo, lotseka koloko ndi `en` kuti tchipi isadye mphamvu pachabe, ndi labwino ndithu, sindikulitsutsa. Mphamvu imene tchipi imadya pogwira ntchito imatsata `P = α·C·V²·f`, ndipo koloko ndiye chilombo pamenepa chifukwa imakwera ndi kutsika saiko iliyonse osapuma, pamene waya wa deta amatha kukhala duu nthawi yaitali osasintha. Tenga rejisita ya mabiti 64 imene imalembedwa kamodzi pa masaiko 10. Ukaisiya ndi maksi yongobweza mtengo wakale, masaiko 9 enawo mafilipifulopu onse 64 akumenyedwabe ndi koloko, matranzisita amkati akudzaza ndi kukhuthula tchaji, batire ikutha koma palibe chasintha. Nde kutseka koloko pamene rejisita ilibe ntchito ndi nzeru yeniyeni. Chimene ndikukana ndi katsekedwe kameneka.

Tiyeni tiyende nazo ndi manambala kuti muone nokha. Koloko ya 500 MHz, saiko imodzi ndi 2 ns, theka loyamba ili pamwamba, theka lachiwiri ili pansi. Siginolo ya `en` ikuchokera ku filipifulopu ina yoyendera koloko yomweyo kudutsa mu mageti angapo, tinene kuti imafika 300 ps koloko itakwera kale. Taonani pamenepo, ikufika nthawi imene koloko ili pamwamba, nthawi yomwe geti ya AND ili yotsegula kukamwa. Tsono mwafuna rejisita ilembedwe kamodzi kokha, mwakweza `en` kwa saiko imodzi. Pa 300 ps `en` yakwera, koloko ili kale pa 1, basi `gclk` yakwera pompo n'kudzatsika pa 1 ns, kugunda kwa 700 ps kobwera pa nthawi yolakwika, deta mwina isanakhazikike n'komwe. Saiko yotsatira koloko yakwera pa 2 ns koma `en` ikadali pa 1 mpaka 2.3 ns, nde `gclk` yakweranso n'kutsika patangopita 300 ps. Munafuna kugunda kumodzi, mwapeza kuwiri, ndipo konse n'kopunduka. Kauntala yanu iwerenga kawiri. Choopsa kwambiri n'chakuti kakugunda kakafupiko kakhoza kuchepera pa mlingo umene filipifulopu imafuna, nde mabiti ena agwira, ena sagwira, ena akhala pakatikati osadziwika ngati ndi 0 kapena 1, ndipo zimasintha ndi kutentha komanso voteji, tchipi ina ikuyenda bwino ina ikupenga.

Ndipo apa ndatenga `en` yaulemu yosintha kamodzi. Yeniyeni imachokera ku lojiki yofananitsa manambala, kauntala ikamachoka pa `0111` kupita pa `1000` mabiti anayi onse akusintha ndipo safika limodzi, nde `en` imatha kuphethira kangapo isanakhazikike. Pa waya wa deta kuphethira kumeneko kulibe vuto bola kuthe koloko isanakwerenso. Pa waya wa koloko kuphethira kulikonse ndi lamulo lakuti lemba.

Kazindikiridwe kake mu simuleshoni ya RTL n'kosautsa, chifukwa mulibe kuchedwa kwa mageti. Kakugunda kachiwiri kaja kamakhala ka m'lifupi 0, pa chithunzi cha mafunde simukaona, koma `always @(posedge gclk)` imatha kukamva. Mukaona kauntala yadumpha pamalo pamene `gclk` ikuoneka yogona phee, musataye nthawi ndi lojiki ya kauntala, pitani mukaone amene akupanga kolokoyo.

Mankhwala ake anapezeka kalekale, latchi patsogolo pa AND, yotseguka koloko ikakhala pansi pokha:

```
always_latch
  if (!clk) en_l = en | test_en;
assign gclk = clk & en_l;
```

Bwererani ku manambala aja. `en` yafika pa 300 ps, latchi ndi yotseka chifukwa koloko ili pamwamba, iphethire mmene ingafunire palibe chikudutsa. Pa 1 ns koloko yatsika, latchi yatseguka, `en_l` yakwera koma AND ikutulutsabe 0 poti koloko ili pansi. Pa 2 ns koloko yakwera, latchi yatseka itagwira 1, `gclk` yatulutsa kugunda kumodzi kwathunthu kwa 1 ns, pa nthawi yeniyeni imene rejisita ya maksi ikanalembedwa. Ndipo `en` yapatsidwa pafupifupi saiko yonse kuti ikhazikike. Ena amati bwanji osangogwiritsa geti ya OR, koloko izitsekedwa ili pamwamba, zoona zimatheka popanda latchi koma pamenepo `en` iyenera kukhazikika koloko isanatsike, mwadzilanda theka la nthawi yanu. Ija `test_en` musaiwale, popanda iyo nthawi yoyesa tchipi ndi sikani mafilipifulopu a kuseri kwa geti salandira koloko ndipo tcheni imaduka.

Koma maganizo anga enieni ndi akuti ngakhale mizere itatu imeneyi musailembe m'malo mobalalika mu dizaini yopita ku fakitale. Latchi ndi AND zikakhala maselo awiri osiyana, pulogalamu yoyala maselo ikhoza kuzitalikitsa, koloko n'kumafika kwa iwo pa nthawi zosiyana. Ikatsika msanga pa latchi pamene AND ikuonabe 1, mtengo watsopano wadutsa ndipo kuphethira kuja kwabwerera pa khomo la kuseri. N'chifukwa chake mu laibulale mumakhala selo ya ICG, latchi ndi AND zomangidwa pamodzi ndipo nthawi zake zinayezedwa kale. Lembani `if (en) q <= d;` mwachizolowezi, sinthesisi iike yokha ICG, mu Design Compiler ndi `compile_ultra -gate_clock`. Pa geti yaikulu yotseka buloko yonse itanani selo ya mu laibulale, mkati mwa modyulo imodzi yokha imene aliyense azidzera. A FPGA inu nkhani yanu ndi yachidule, gwiritsani pini ya CE ya filipifulopu, kapena `BUFGCE` pa zida za Xilinx, koloko isadutse mu LUT.

Pali china chimene chimagwetsa anthu ambiri mochedwa. ICG imakhala kumtunda kwa mtengo wa koloko, nde koloko imafika pa iyo msanga kuposa pa mafilipifulopu a kunsonga. Ngati mabafa a pakati pa ICG ndi mafilipifulopu a kunsonga amadya 400 ps, `en` yanu yochokera kunsongako ilibenso 2 ns, yatsala ndi 1.6 ns musanachotse n'komwe setapu ya seloyo. Mtengo usanamangidwe lipoti la nthawi limaoneka loyera bwinobwino, ukangomangidwa njira za `en` zofiira zokhazokha. Mukakweza geti kumtunda mumatseka mabafa ambiri n'kupulumutsa mphamvu yambiri koma `en` imapanikizika, mukaitsitsa `en` imapuma koma mabafa a kumtunda akuvinabe saiko iliyonse. Ine ndimati lojiki ya `en` ya geti yaikulu ikhale yaifupi kuyambira pachiyambi, ngati n'kotheka ituluke molunjika mu filipifulopu, muiwerengeretu saiko imodzi m'mbuyo.

Ndiponso si rejisita iliyonse yoyenera geti. ICG nayo imamenyedwa ndi koloko saiko iliyonse, ili ndi kapasitansi yake, nde kuiika pa biti imodzi kapena ziwiri, kapena pa rejisita imene `en` yake imakhala pa 1 pafupifupi nthawi zonse, mukhoza kuwonjezera mphamvu m'malo mochepetsa. Yezani ndi fayilo ya SAIF kapena VCD yochokera ku ntchito yeniyeni imene tchipiyo idzagwire, osati testi yongomenya rejisita iliyonse. Komanso kutseka koloko sikukhudza magetsi otayikira mu matranzisita ali chikhalire, amenewo amafuna kuzimitsiratu magetsi a bulokoyo ndipo imeneyo ndi ntchito ina ndi maswitchi ake.