Kodi chimanga chachikulu chimabereka chachikulu?

Maganizo anga lero ali pa nambala ija akatswiri a mbewu ndi ziweto amaitchula heritabiliti, yoyeza gawo la kusiyana kwa zamoyo lochokera ku chibadwa. Ndikuona ikuponyedwa kwambiri m'zokambirana, wina akuti "msinkhu ndi 0.8, ndiye kuti n'zakumtundu basi", wina akuti "mbewu iyi nambala yake ndi yokwera, ndiye ibereka paliponse". Zimandipweteka, chifukwa nambalayi ndi yothandiza kwambiri kwa mlimi wosunga mbewu, koma sinena zimene tikuinenetsazi.

Nambalayi simayeza mbewu imodzi kapena munthu mmodzi. Imayeza kusiyana komwe kulipo pakati pa gulu, pamalo amodzi, nthawi imodzi. Mukalowa m'munda wa chimanga cha makolo ku Mitundu, mapesi ena abereka kwambiri, ena pang'ono. Funso lake ndi lakuti pa kusiyana konseko, ndi gawo lalikulu bwanji lomwe labwera chifukwa mapesiwo ndi osiyana chibadwa, ndipo ndi gawo lanji lobwera ndi nthaka, mvula, feteleza ndi mbozi. Yankho limakhala pakati pa 0 ndi 1.

Koma nambalazi zilipo ziwiri, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonekera. Yoyamba imalembedwa ndi H wamkulu, H² = VG / VP. VP ndi kusiyana konse komwe mwayeza, VG ndi gawo lonse lochokera ku chibadwa. Yachiwiri imalembedwa ndi h wamng'ono, h² = VA / VP. VA ndi gawo lokhalo la chibadwa lomwe limangophatikizana, jini iliyonse, kanthu konyamula chibadwa kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana, kuwonjezera kake mosayang'ana kuti yakhala ndi iti. Gawo lotsala limadalira mmene majini akumanirana, ya kwa bambo ndi ya kwa mayi, kapena ina ndi inzake. Kholo limapereka theka chabe la majini ake kwa mwana, choncho kukumana kwabwino kuja kumaphwasuka pa m'badwo uliwonse. Chomwe chimadutsa mokhulupirika kupita kwa mwana ndi VA. N'chifukwa chake h² sangapose H².

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione mmene zimayendera. Kusiyana konse m'munda tikuike pa 100. Pamenepo 30 ndi gawo lophatikizana lija, 20 ndi la kukumana kwa majini, 50 ndi la nthaka ndi nyengo. Ndiye H² ndi 0.5, pomwe h² ndi 0.3. Tinene kuti phesi limodzi m'mundamo limapereka magalamu 100 a chimanga chotonola tikawerengera pakatikati. Amayi asankha mbewu kuchokera pa mapesi abwino okhaokha, opereka magalamu 140. Osankhidwawo aposa anzawo ndi magalamu 40. Kodi chaka chamawa munda wonse ubereka 140? Ayi. Pali kawerengedwe kamene obereketsa mbewu amagwiritsa ntchito, R = h² × S, pomwe S ndi magalamu 40 aja ndipo R ndi phindu loyembekezeka mwa ana. Ndiye 0.3 × 40 ndi magalamu 12, kutanthauza 112.

Ndipotu ngakhale 12 ameneyo safika. Amayi aja asankha mayi wa mbewu yekha. Mungu womwe unagwera pa ndevu za chimangacho unachokera ku ngayaye za munda wonse, za mapesi abwino ndi ofooka omwe, mwinanso za kwa aneba. Pamenepo phindu limatsika ndi theka, n'kutsala magalamu 6. Munthu woona 106 pomwe amayembekezera 140 akhoza kunena kuti kusankha mbewu n'kutaya nthawi. Ine ndikukana. Magalamu 6 amenewo sachoka, amakhala poyambira pa chaka chotsatira, ndipo umu ndi mmene makolo athu anaumbira chimanga cholimba chokonoka bwino chomwe tikuchidziwachi.

Tsopano tengani manambala omwewa muwaike pa chinangwa. Chinangwa timadzala mitengo, osati njere. Mtengo womwe mwadula uli ndi majini onse a kholo lake, mmene anakhalira, osaphwasuka. Apa ndiye H² amagwira ntchito. Kusankha zoposa zinzake ndi 40 kukupatsani 0.5 × 40, omwe ndi 20. N'chimodzimodzi mbatata ndi nthochi. Choncho wina akakuuzani nambala ya heritabiliti, mufunseni kuti ndi H wamkulu kapena wamng'ono, kenako mudzifunse ngati mbewu yanu mumaichulukitsa ndi njere kapena ndi mtengo. H² wokwera pa chimanga sakulonjeza kanthu za mbewu yomwe mwasunga. Chimanga cha haibulidi ndiye umboni wake. Mphamvu yake yambiri ili m'kukumana kwa majini a makolo awiri osiyana, ndipo mukadzala yobwereza, pafupifupi theka la mphamvu yowonjezera ija limatayika m'badwo woyamba womwewo. Munda umaoneka wosafanana, ena aatali ena aafupi.

Chinthu china chomwe ndikufuna chimveke n'chakuti nambalayi imasintha ndi malo. Pa minda ya kafukufuku ngati ya ku Chitedze kapena ku Bunda, amayesetsa kuti nthaka ikhale yofanana, feteleza wofanana, kupalira pa nthawi yake. Gawo la 50 lija limachepa. Likatsika kufika pa 10, kusiyana konse kumakhala 60, ndipo h² amakwera kuchoka pa 0.3 kufika pa 0.5, majini ali omwewo. Mbewu yomweyo m'munda wa kumudzi, momwe muli chulu pakona, malo ena panali khola, kwina madzi amadikha, nambala imatsikanso. Woti wasankha chimanga chachikulu m'nkhokwe nthawi zambiri wasankha chulu, osati mbewu.

Njira yake ilipo, ndipo siifuna ndalama. Sankhani chimanga chikadali m'munda. Gawani mundawo m'tizigawo ting'onoting'ono, ndipo m'kachigawo kalikonse mutenge mapesi opambana anzawo oyandikana nawo, ngakhale kachigawoko kali pa nthaka yoguga. Siyani mizere ya m'mphepete ndi mapesi omwe anzawo a pambali anafa, chifukwa amenewo anakula ndi malo. Mukatero mwachepetsa gawo la nthaka, ndipo h² wanu wakwera. Mukafuna kudziwa ngati zikuyenda, dzalani mizere ya mbewu yosankha moyandikana ndi mizere ya mbewu yongotapa, mosinthanasinthana, n'kuyeza zokolola.

Za anthu ndiye ndimalankhula ndi mtima wonse. N'zoona kuti kafukufuku wa mapasa m'maiko olemera amapeza pafupifupi 0.8 pa msinkhu. Izi sizitanthauza kuti magawo 80 pa 100 a msinkhu wa mwana wanu anaikidwiratu. Zikutanthauza kuti kumeneko, komwe ana ambiri amadya mokwanira, kusiyana kotsalako kwambiri n'kwa chibadwa. Kuno kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana wotere tikamuona n'kunena kuti "kwawo ndi aafupi", tatenga nambala yoyezedwa pa ana okhuta n'kuiika pa mwana yemwe akusowa chakudya choyenera komanso akudwaladwala m'mimba. Nambala yokwera mkati mwa gulu limodzi sifotokoza chifukwa chomwe gulu lina lasiyanirana ndi linzake, ndipo sinena kuti chinthucho sichingasinthe. Mwanayo apite ku sikelo akayezedwe, ndipo phala lake likhale la nsinjiro.