Mwana akadali pabere, botolo lamankhwala mwalisiyiranji?

Ana anga, ndakalamba ndikusambitsa makanda m'chikuta, ndiye zimene ndinene pano ndaziona ndi maso angawa. Pali khalidwe lina limene likutipwetekera ana amene anabadwa bwinobwino. Mayi amamwa mankhwala otalikitsa moyo mokhulupirika miyezi yonse ya mimba, akangochira n'kumva kuti mwana alibe kachirombo ka HIV, basi botolo lija amaliponya pansi pa sutikesi. Mwana ali pabere, usana ndi usiku. Kodi mukuganiza kuti kachirombo kamatuluka limodzi ndi nsengwa?

Ndikuuzeni za mtsikana wina wa m'dera lathu, dzina lake ndisunga. Anayamba sikelo mimba ili ndi miyezi itatu, anamupeza nako, ndipo tsiku lomwelo anamupatsa mankhwala. Umu ndi mmene zakhalira kuno ku Malawi kuyambira chaka cha 2011, pamene dziko lathu linakhala loyamba kunena kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo ayambe mankhwala pompo, moyo wake wonse, osadikira kuti chitetezo chitsike. Mtsikanayu anamwa piritsi lake limodzi tsiku lililonse, atamuyeza magazi anamuuza kuti tizirombo tachepa mpaka makina sakutiona. Anachirira kuchipatala. Khanda analipatsa mankhwala amadzi a nevirapini oti lizimwa milungu isanu ndi umodzi. Itatha milunguyo anabaya kachidendene ka mwana, anadonthezera magazi papepala n'kutumiza kokayeza, ndipo zotsatira zinabwera zoti mwana alibe kachirombo.

Apa ndi pamene zinakhotera. Anapita kukakhala kwa apongozi ake, amene sankadziwa kanthu. Mwamunanso anali asanamuuze. Chipatala chake chinatsala kutali, ndipo kupempha kalata yosamukira ku chipatala chapafupi anaopa kuti angakumane ndi anthu omudziwa pamzere. Mankhwala atatha anati mwana ali bwino, inenso ndili bwino, ndidzayambiranso ndikabwerera. Anakhala miyezi isanu osamwa, akuyamwitsa. Mwana atakwanitsa chaka anamuyezanso kusikelo, mizere inatuluka iwiri. Anatumizanso magazi kuti atsimikize, chifukwa pamsinkhu umenewo chida chapomwepo chikhoza kungoonetsa zimene mwana anatengera m'magazi a mayi ake. Yankho linabwera lomwelo. Ndinalira naye mtsikanayo, koma madzi akatayika saoleka.

Mvetsetsani mmene zimayendera. Mankhwalawa sachotsa kachirombo m'thupi, amangokapondereza kuti kasaswane. Mukawasiya, pamangopita milungu yochepa tizirombo tadzazanso m'magazi, ndipo zimene zili m'magazi zimafikanso mumkaka. Inuyo simumva kanthu, mukulima, mukutunga madzi, thupi lili see, koma mwana akuyamwa kakhumi patsiku. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limanena kuti popanda chithandizo chilichonse, pa ana 100 obadwa kwa amayi amene ali ndi kachirombo, ana 15 mpaka 45 amakatenga, ena ali m'mimba, ena pobadwa, ena poyamwa. Mayi akamamwa mankhwala mosadumphitsa nthawi zonse zitatuzi, chiwerengerocho chimatsika osafika ana asanu. Mimba ndi miyezi isanu ndi inayi, kubereka ndi tsiku limodzi, koma bere ndi zaka pafupifupi ziwiri. Nthawi yaitali kwambiri ndi imene inu mukuitayirira.

N'chifukwa chake mwana amayezedwa katatu: pa milungu isanu ndi umodzi, pa chaka chimodzi, ndi pa zaka ziwiri. Kuyeza koyamba kumangokuuzani kuti mwawoloka mimba ndi kubereka. Yankho lomaliza limabwera mwana atasiya kuyamwa ndipo patapita milungu isanu ndi umodzi, n'chifukwa chake anamwino amati mumuletse bere cha pa miyezi 22 kuti pa miyezi 24 mumve zenizeni. Pakati ponsepo mwana amamwanso bakitilimu womuteteza ku chibayo ndi matenda ena. Amene mumasowa kusikelo katemera akangotha, mukuthawa chiyani?

Tsopano apongozi anzanga, agogo anzanga, bwerani kuno nanunso. Ndife timati mwana wa miyezi iwiri akulira ndi njala, mpatseni phala lamadzimadzi, mpatseni madzi, mmwetseni mankhwala a mizu kuti m'mimba mukhwime. Matumbo a khanda ndi anthete. Zinthu zimenezi zimawasupula ndi kubweretsa matenda otsegula m'mimba, ndipo kachirombo kakakhala mumkaka kamapeza polowera. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi bere lokha, popanda ngakhale dontho lamadzi, kupatula mankhwala akuchipatala. Komanso ndife timafufuza m'zikwama za akamwana athu, tikapeza botolo n'kuyamba kulengeza kuchitsime. Mtsikana uja anasiya mankhwala chifukwa choopa pakamwa pa munthu wamsinkhu wanga. Ukaona mpongozi akumwa piritsi usiku uliwonse, mtungire madzi, tseka pakamwa, akuteteza mdzukulu wako.

Inu abambo, nkhani yanu ndi yowawitsa kuposa zonsezi. Alipo amayi amene anayezedwa mimba ili yaing'ono n'kupezeka alibe kachirombo, anabereka alibe, koma mwana anakatenga. Zinatheka bwanji? Mkazi ali m'chikuta, inu munati simungadikire, munakayenda kwina, munabwera nako kunyumba. Munthu akangotenga kumene kachirombo, milungu yoyambirira tizirombo timachuluka kwambiri m'magazi, ndipo mayiyo sakumwa mankhwala alionse chifukwa akudziwa kuti alibe. Palibe nthawi imene mwana woyamwa amakhala pangozi kuposa imeneyi. Inu mumati mkazi wanga anayezetsa ndiye kuti inenso ndili bwino. Magazi a mkazi wanu si magazi anu. Kayezetseni nokha, ndipo ngati muli nako imwani mankhwala anu ndi kugwiritsa ntchito kondomu. Amayi amene munapezeka mulibe, musakane anamwino akafuna kukuyezaninso mimba itakula, pochira, ndi pamene mukuyamwitsa. Ngati mukukayika mayendedwe a bambo, funsani za mankhwala oteteza amene amamwa munthu wopanda kachirombo, alipo m'zipatala zambiri.

China chaching'ono chimene ambiri amalakwitsa: mapiritsi owonjezera magazi amene amakupatsani kusikelo amatha kulepheretsa mankhwala a masiku ano, aja muli dolutegiraviri, kulowa bwino m'thupi mukawamezera pamodzi m'mimba mulibe kanthu. Imwani ndi chakudya, kapena muwatalikitse monga momwe namwino akuuzireni. Bere likang'ambika kunsonga, likatupa n'kutentha, kapena mwana akatuluka zoyera m'kamwa, pitani tsiku lomwelo, musapake zamasamba. Zilonda ndi khomo.

Ngati ukuwerenga izi ndipo botolo lako linatha mwezi watha, mwanawe, usachite kumulanda mwana bere lero chifukwa cha mantha, ungamuphe ndi njala ndi kutsegula m'mimba. Mawa m'mawa bereka mwana, tenga mabuku onse awiri akuchipatala, lako ndi lake, upite ku chipatala chilichonse chapafupi ngakhale si kumene unayambira. Ukanene zoona, kuti ndakhala milungu yakutiyakuti osamwa ndipo ndikuyamwitsa. Akuyambitsanso mankhwala, aona zoyeza mwanayo ndi zomuteteza, ndipo pakapita nthawi adzayeza magazi ako kuti aone ngati tizirombo tatsikanso. Mwina akukalipira pang'ono, pirira. Ngati ukuopa kupita wekha, tenga mlangizi wazaumoyo wa m'mudzi mwanu akuperekeze.