Kosi imodzi ndi yokwanira, kenako gwirani fayilo yeniyeni ndipo muzilemba maola anu

Anzanga amene mukuphunzira kukonza ndi kusanthula deta pa Excel, pali chinthu chimandimvetsa chisoni. Munthu wamaliza makosi atatu, masatifiketi ali nawo, koma akangopatsidwa fayilo ya malonda ya kasitomala amasowa pogwira. Akafunsidwa kuti alipiritsa zingati, amangotchula mtengo umene wabwera m'mutu.

Maganizo anga ndi akuti kosi imodzi yaifupi ndi yokwanira poyambira. Ikuphunzitseni kusanja ndi kusefa mizere, mafomula ngati SUM, IF ndi VLOOKUP, komanso PivotTable. Mukafika pamenepo imani, musalembetse ina. Vuto la makosi ndi lakuti deta yake imabwera yokonzakonza kale, chilichonse chimatheka ulendo woyamba, ndiye munthu amadziona ngati wadziwa.

Fayilo yeniyeni sikhala choncho. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mizere 3,000 ya zogulitsa za chaka chonse, ndipo mwini wake akufuna lipoti la mwezi ndi mwezi. Mwalemba VLOOKUP kuti itenge mtengo wa katundu aliyense pa tsamba lina lotchedwa Mitengo, koma mizere yambiri ikuonetsa #N/A, chonsecho dzina la katunduyo mukuliona ndi maso anu mbali zonse ziwiri. Nthawi zambiri chavuta ndi kampata kosaoneka kamene wolemba anasiya kumapeto kwa dzina. Ngati kampatako kali pa tsamba la zogulitsa, mankhwala ake ndi TRIM, fomula imene imachotsa timipata totere:

```
=VLOOKUP(TRIM(A2),Mitengo!A:B,2,FALSE)
```

Limeneli ndi vuto labwino chifukwa limadzionetsa lokha. Loopsa ndi lija losalankhula. Manambala ena amalowa mufayilo ngati mawu, ndipo SUM imangowadumpha osakuuzani kanthu. Chiwerengero chimatuluka chooneka bwino koma chochepa. Mungawazindikire chifukwa amatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene manambala enieni amatsamira kumanja, ndipo kawirikawiri pamakhala kachizindikiro kobiriwira pakona. Madeti nawonso akalowa ngati mawu, PivotTable imakana kuwaika m'magulu a miyezi. Mukakumana ndi zoterezi, pamenepo mpomwe mubwerere ku phunziro la nkhani imeneyo yokha. Zimene mwaphunzira muli ndi vuto m'manja siziiwalika msanga.

Chinthu chimene ambiri sachita, ndipo ine ndimachiona kuti ndiye chachikulu, ndi kulemba maola. Pa pulojekiti iliyonse, ngakhale yongoyeserera, lembani nthawi imene mwatha pokonza deta, popanga lipoti, ndi pofufuza zimene simumazidziwa. Mtengo wachilungamo umachokera m'kabuku kameneko.

Poyamba pezani mtengo wa ola lanu. Tengani ndalama zimene mukufunika kupeza pa mwezi, muphatikizepo intaneti, magetsi, msonkho ndi kutha kwa kompyuta. Musazigawe ndi maola 160 ngati wolembedwa ntchito, chifukwa kusaka makasitomala, kukambirana ndi kulondola malipiro palibe amene amakulipirani. Ngati maola olipidwa ndi 100, gawani ndi 100.

Tsono bwererani ku fayilo ija. Tinene kuti yakutengerani maola 14, koma 6 mwa amenewo munali mukuphunzira za TRIM ndi madeti. Maola 6 amenewo ndi sukulu yanu, si bwino kumusenzetsa kasitomala. Atsala 8. Onjezani 2 a zokonza zimene adzapemphe akaona lipotilo, chifukwa adzapempha ndithu. Mtengo wanu ndi maola 10, ndipo muuzeni ngati mtengo umodzi wa ntchito yonse.

Koma chilungamo chiyende mbali zonse. Pakapita miyezi ntchito yomweyo mudzayamba kuimaliza m'maola 4. Musadule mtengo pakati chifukwa choti mwafulumira. Kasitomala akulandira lipoti lomwelo, mwinanso lolondola kuposa kale, ndipo akulilandira msanga. Komanso kugwira ntchito yaulere kuti mudziwike ine sindigwirizana nako, kupatula pulojekiti imodzi kapena ziwiri zimene mwasankha nokha kuti mukhale ndi choonetsa.

Musanayambe, pemphani kuona fayiloyo, chifukwa mizere 3,000 yolembedwa bwino ndi mizere 3,000 yolembedwa ndi anthu asanu, aliyense mwa njira yake, si ntchito imodzi. Kenako lembani mgwirizano, ngakhale pa uthenga wa pafoni: fayilo imodzi, lipoti la miyezi 12, kukonza kawiri, theka la ndalama poyamba ndipo theka lina popereka ntchito. Akadzabwera ndi fayilo ya chaka china n'kunena kuti "ingowonjezeraniko aka", muonetseni zimene munagwirizana, muyang'ane fayilo yatsopanoyo, ndipo mumuuze mtengo wake musanaigwire.