Chenjezo kwa oyankha fizikisi osaona chithunzi

Ana inu, ndili ndi mawu, ndipo sindikuseka. Pali chizolowezi chimene chafala pakati pa ophunzira a fizikisi chimene chikundiwawa mumtima. Wina amakopera funso la magetsi n'kulitumiza kwa anzake pafoni, mawu okhaokha ndi mayankho anayi osankhapo, chithunzi cha seketi atachisiya m'buku. Kapena chithunzicho chatumizidwa ndithu, koma wolandira akuumira bandulo, sachitsegula. Pasanathe mphindi ziwiri mayankho ayamba kugwa ngati matalala, uyu akuti B, uyo akuti C, wachitatu akulumbira kuti ndi D. Mwayankha chiyani, poti funsolo simunalione?

Sabata yatha mdzukulu wanga anabwera ndi limodzi la mafunso otere. Mawu ake anali akuti batire ya 12 V yalumikizidwa ku marezisita atatu, a 6 Ω, 3 Ω ndi 4 Ω, monga zikuonekera pachithunzi, ndipo funso linali lakuti amita iwerenga karenti yochuluka bwanji. Mayankho anali A 0.67 A, B 0.92 A, C 2 A, D 9 A. Mwanayo anali atazunguliza kale B. Nditamufunsa chithunzi chili kuti, anayankha mosatekeseka n'komwe kuti, "Agogo, manambala onse alipo, chithunzi n'chachiyani?"

Ndinamukhazika pansi. Iye anaphatikiza 6, 3 ndi 4 n'kupeza 13 Ω, kenako anagawa 12 ndi 13 potsata V = IR, n'kutuluka 0.92 A. Masamu ake analibe vuto. Vuto ndi lakuti anadzipangira yekha seketi m'mutu, yoti marezisita onse ali pamzere umodzi, mu siriizi, pamene funso silinanene zimenezo. Mnzake amene angaganize kuti onse atatu ali mu paralelo apeza 1.33 Ω, ndipo karenti ikhala 9 A, yankho D. Wina akaika 6 Ω ndi 3 Ω mu paralelo n'kupeza 2 Ω, n'kuwonjezera 4 Ω kukhala 6 Ω, apeza 2 A, yankho C. Aliyense mwa atatuwa aona nambala yake ili pamndandanda ndipo mtima ukhala m'malo.

Apa ndi pamene mumapusitsika. Mukuganiza kuti wolemba mayeso amatola mayankho olakwikawo mumsewu? Amakhala pansi n'kuwerengetsera dala zolakwa zimene akudziwa kuti mwana wopupuluma adzachita, n'kuziika pa B, C ndi D kuti zikudikireni. Choncho kupeza nambala yako pakati pa mayankho anayi si umboni woti wakhoza. Mwina wangolowa mumsampha umene anakutchera iweyo.

Tinatuma mwana kukabwereka bukulo kwa mwini wake. Chithunzi chinaonetsa kuti waya wochoka ku batire ukudutsa kaye mu 4 Ω, kenako ukugawikana pawiri, nthambi ina ya 6 Ω, ina ya 3 Ω, n'kukakumananso kubwerera ku batire. Mpaka pamenepa woyankha C akanavina. Koma kabwalo kokhala ndi chilembo A mkati, amita ija, sikanali pa waya wamkulu. Kanali panthambi ya 6 Ω. Ndiye tiyeni tiwerengere bwinobwino. Karenti yochoka ku batire ndi 2 A, ndipo yonseyo ikudutsa mu 4 Ω, kumene ikudya 8 V. Pa 12 V patsala 4 V, ndipo nthambi ziwiri zija zonse zili ndi 4 V yomweyo chifukwa zagwirana mutu ndi mchira. Nthambi ya 6 Ω itenga 4 kugawa ndi 6, ndiye 0.67 A. Ya 3 Ω itenga 1.33 A. Mukaphatikiza ziwirizi mubwerera pa 2 A, kusonyeza kuti palibe karenti yasochera. Yankho ndi A, limene pagulu lawo lonse panalibe analisankha.

Ndikuuzeninso china chokhudza inu ojambula mafunso ndi foni. Mumajambula mopendekeka, usiku, chala chitaphimba ngodya, kenako n'kudula m'mbali kuti chithunzi chichepe. Tayerekezani kuti m'mbali mwadulamo munali waya wolambalala 4 Ω uja, wokhala ndi swichi. Swichi ikakhala yotsekula, waya umenewo ndi wakufa ndipo yankho likhalabe 0.67 A. Ikakhala yotseka, karenti isiya rezisita ya 4 Ω n'kudutsa pawaya wopanda chotchinga, 12 V yonse igwera panthambi ziwiri zija, ndipo amita ya pa 6 Ω iwerenga 2 A. Kamzere kamodzi kotalika ngati njere ya mpunga kasuntha yankho kuchoka pa A kupita pa C. Mwadula kamzereko, mwasokoneza kalasi yonse, inu muli phee.

Ngakhale chithunzi chili chathunthu, ambiri mumachiyang'ana ngati chikwangwani cha pamsewu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Marezisita awiri kujambulidwa moyandikana, wina pamwamba wina pansi, sizitanthauza kuti ali mu paralelo. Ali mu paralelo pokhapokha ngati mbali zawo zonse ziwiri zakumana pamfundo zofanana. Ndipo awiri ali mu siriizi pokhapokha ngati pakati pawo palibe mphambano imene karenti ingapatukire. Mmene ndinkaphunzitsira ine, mwana amaika pensulo pa batire mbali ya +, n'kuyenda ndi waya. Waya yense amene wafika osadumpha rezisita, babu kapena batire ndi mfundo imodzi, ngakhale atakhota kasanu, ndipo amaupatsa chilembo chimodzi, tinene P. Akadumpha rezisita, wayamba chilembo china, Q. Mu seketi yathu ija, 4 Ω ili pakati pa P ndi Q, pamene 6 Ω ndi 3 Ω onse ali pakati pa Q ndi R. Ukatero paralelo imadzionetsa yokha, ndipo umajambulanso seketiyo mwaukhondo pambali. Rezisita imene mbali zake zonse zapeza chilembo chimodzi yalambalalidwa, ichotseni pamasamu.

Samalaninso pamene mawaya awiri apingasana. Pakakhala kadontho kakuda, alumikizana. Popanda kadontho, kapena pamene wina wajambulidwa ngati akulumpha mnzake, angodutsana. Pa fotokope yofufuma kadontho kameneka kamatha kusowa, kapena kachitsotso kamaoneka ngati kadontho, ndiye funsani pepala loyera. Ndipo musasokoneze kabwalo ka A ndi ka V. Amita yabwino imatengedwa ngati waya wamba, pamene votimita yabwino imatengedwa ngati sipadutsa karenti, choncho nthambi yokhala ndi votimita simuiwerengera pophatikiza marezisita.

Inu akuluakulu a Fomu 4 ndi aphunzitsi a pateni amene mumathamangira kuyankha kuti muoneke odziwa, inunso mundimve. Mwana akakutumizirani funso lonena kuti "monga pachithunzi" koma chithunzi palibe, yankho loona ndi limodzi, "Tumiza chithunzi." Safunsa anadya phula. Ngati foni yake siijambula, akuuzeni ndi mawu kuti rezisita iliyonse yachoka mfundo iti kupita iti, amita ili panthambi iti, swichi ndi yotseka kapena yotsekula. Mdzukulu wanga ndamulamula kuti funso lililonse la seketi azilijambula kaye m'kope ndi zilembo zake P, Q, R, ndisanamulole kugwira kakyuleta. Akung'ung'udza kuti zikumuchedwetsa, koma kakyuletayo ili m'thumba la jekete langa mpaka Loweruka.