Pulani ya chaka ku UK, kulowa ndi kophweka koma yesani kutuluka

Abale anga a ku Lilongwe amene mukukonzekera kupita ku UK kukagwira ntchito ya kusamalira okalamba, komanso inu amene muli kale komweko, ndikufuna tikambirane za makampani a pa intaneti ogulitsa mapulani a chaka, chifukwa inetu andikwana. Amakulembera zilembo zikuluzikulu kuti £25 pa mwezi, iwe n'kumati aa iyi ndikwanitsa, koma pansi pake m'tizilembo ting'onoting'ono pali mawu oti "annual plan, billed monthly", kutanthauza kuti wasainira miyezi 12 yonse, ngongole ya £300, kungoti akukulola kupereka pang'onopang'ono. Pulani yeniyeni ya pa mwezi yoti ungasiye nthawi ina iliyonse imakhalapo, koma amaikweza mtengo n'kuibisa kumbali kuti usaione. Zimenezi amachita dala ndipo amadziwa kuti ife obwera timathamangira chotchipa chifukwa ndalama ina yonse ikupita kumudzi.

Ine ndinatenga pulani yotere ya maphunziro a pa intaneti, mavidiyo ndi mphunzitsi wokuthandiza kamodzi pa sabata. Nditalipira miyezi inayi mayi anadwala, ndinasiya zonse n'kubwerera kuno ku Area 25. Ndinawalembera kuti ndikukansela, yankho lawo linali loti pepani ndi zomwe zakuchitikirani koma mwatsala ndi miyezi 8, ndiye £200, kapena mupereke theka lake £100 lero tikumasuleni. Munthu uli pa mzere ku chipatala ndi mayi ako, wina ku Ulaya akukuwerengera miyezi yomwe sudzaphunzira. Zinandiwawa kwambiri, mpaka pano zikundiwawabe.

Ndiye mvetsetsani pamene pali khomo lotulukira bwinobwino, chifukwa lilipo limodzi lokha ndipo silichedwa kutsekeka. Lamulo la ku UK lotchedwa Consumer Contracts Regulations 2013 limati ukagula chinthu pa intaneti kapena pa foni uli ndi masiku 14 oti ukhoza kusintha maganizo osapereka chifukwa chilichonse. Ngati ndi katundu ngati nsapato kapena foni, masikuwo amayamba kuwerengedwa tsiku lotsatira katundu atafika m'manja mwako. Ngati ndi sevisi, monga pulani ya chakayi, amayamba tsiku lotsatira utasaina. Ukasaina pa 3 Malichi tsiku lako lomaliza ndi pa 17 Malichi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu akuwerengedwa momwemo, musamaganize kuti ndi masiku a ntchito okha ayi. Chofunika ndi tsiku lomwe watumiza uthenga wokansela, osati tsiku lomwe iwo awerenga imelo yako. Ndiye tumizani imelo, mawu ochepa chabe, dzina lanu, nambala ya akaunti, tsiku lomwe munasaina, ndi chiganizo choti mukukansela motsatira lamulo limeneli. Jambulani sikirinishoti yooneka deti. Za kuimba foni zisiyeni, amakusunga pa laini ukumvera nyimbo, kenako mawa lake akuuza kuti palibe paliponse palembedwa kuti unaimba.

Msuweni wanga anatenga pulani yomweyo, iye analipira £300 yonse kamodzi, n'kuona kuti ndi mashifiti a usiku sangakwanitse. Anakansela atagwiritsa ntchito masiku 10. Kampani inayankha kuti rifandi palibe chifukwa mwalowa kale mu akaunti ndipo mwaonera mavidiyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amagonja, amangoti basi zapita, koma nkhani yake sikhala choncho.

Lamulo limasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali sevisi, monga mphunzitsi amene akukuphunzitsa sabata ndi sabata, ndiye pali zinthu za dijito, monga filimu, gemu kapena buku loti wadawuniloda. Pa sevisi, ngati unapempha wekha kuti ayambe msanga masiku 14 asanathe, ukakansela umalipira gawo lokhalo lomwe wagwiritsa ntchito, zotsala akubwezere. Masamu ake kwa msuweni wangayo ndi awa, £300 kugawa ndi masiku 365 kuchulukitsa ndi 10, ikubwera £8.22, ndiye rifandi yake ndi £291.78. Osati ziro ngati momwe iwo ankanenera. Ndipo ngati sunapemphe kuti ayambe msanga, kapena sanakuuze kuti ukakansela udzalipira gawo limenelo, sayenera kukudula ngakhale kakobiri.

Pa za dijito ndi pomwe pali msampha. Ufulu wa masiku 14 umathera pomwepo ukangoyamba kudawuniloda kapena kuonera, koma pokhapokha ngati unavomera momveka kuti ayambe nthawi yomweyo ndiponso unavomereza kuti ukudziwa kuti ukutaya ufulu wokansela, ndipo iwo ayenera kukutumizira chitsimikizo cha zimenezo, monga pa imelo. Ndi kabokosi kaja timangodina mothamanga pamwamba pa batani lolipirira. Chonde kawerengeni kabokosi kameneko, kali ndi mizere iwiri yokha koma ndi komwe kamadya ndalama. Msuweni wanga anafufuza imelo yomwe anamutumizira tsiku losaina, munalibe mawu aliwonse okhudza kutaya ufulu, munali risiti ndi mawu omulandira basi. Anawabwezera imelo yawo yomweyo n'kuwafunsa kuti ndionetseni pamene ndinavomera. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anabwera ndi nzeru ina yoti timupatse vawucha ya £300 adzagwiritse ntchito chaka chamawa. Anakana, chifukwa rifandi imayenera kubwerera njira yomwe unalipirira, ngati inali khadi ibwerere pa khadi, pokhapokha iwe mwini utavomera njira ina, ndipo ayenera kubweza pasanathe masiku 14 kuchokera pomwe unawauza kuti wakansela. Ndalama yake inalowa. Koma tangoganizani anthu angati amene amalandira kavawucha kaja n'kuthokoza.

China chomwe sadzakuuzani, ngati kampani sinakudziwitse n'komwe za ufulu wokanselawu pa nthawi yogula, masiku 14 aja amatalika mpaka kuwonjezera miyezi 12. Ndiye musafufute maimelo a tsiku loyamba. Komanso dziwani kuti matikiti a ndege, hotela, ndi matikiti a zochitika za tsiku lodziwika mulibe mu lamulo limeneli, tikiti yobwerera ku Kamuzu International Airport mukagula mwagula, zimatengera malamulo a tikitiyo.

Tsopano za ife amene masiku 14 anatidutsa kalekale. Apa ndinene mosabisa, palibe lamulo lomwe limangokupatsa rifandi chifukwa wasintha maganizo kapena moyo wakusinthira. Kudina "Cancel subscription" pa mwezi wachinayi nthawi zambiri kumangotanthauza kuti asadzakuyambitsirenso chaka china, koma chaka chino chikupitirira. Amene analipira chaka chonse kamodzi amauzidwa kuti pitirizani kugwiritsa ntchito mpaka chithe, amene amalipira pa mwezi amauzidwa kuti malizani kapena perekani chindapusa.

Komabe si kuti chilichonse chomwe alemba mu kontirakiti ndiye chatha. Pali Consumer Rights Act 2015 yomwe imati mfundo ya mu kontirakiti yopondereza wogula simumanga wogulayo, ndipo chitsanzo chimodzi chomwe lamulolo limatchula ndi kulipiritsa munthu ndalama yochuluka mopitirira muyeso chifukwa wasiya kontirakiti, kapena pa sevisi yomwe sanapatsidwe. Landilodi wa ku Kawale ukamuchokera m'nyumba amadya notisi yako n'kulowetsa munthu wina, sakulondola kuti umulipire miyezi 8 ya nyumba yomwe mukugona wina. Ndiye ine funso langa kwa kampani ija ndi lomweli, mphunzitsi simumulipiranso pa maola anga, malo anga mupatsa wina, nanga £100 imeneyi mwaipeza bwanji, ndiwerengereni zomwe mwataya zenizeni. Pali gawo lomwe ndikuvomereza kuti ali nalo pakamwa. Pulani ya pa mwezi inali £32, ine ndimalipira £25 chifukwa ndinalonjeza chaka, ndiye kusiyana kwa £7 pa miyezi inayi ndi £28. Imeneyo ndawauza kuti ndipereka mosavuta. Yoposa pamenepo andionetse masamu.

Anzanga ena kuno akumandiuza kuti iwe ungoletsa dairekiti debiti ku banki, uli ku Malawi akupeza kuti. Abale musapusitsidwe ndi nzeru imeneyi ngati mukufuna kudzabwereranso. Kuletsa dairekiti debiti kumaimitsa ndalama kutuluka koma kontirakiti ikadalipo, amangokulemba kuti uli ndi ngongole, kenako amapereka dzina lako kwa makampani otolera ngongole, makalata n'kumafika pa adiresi yomwe unachoka kale iwe osadziwa kanthu. Zikafika ku khoti n'kugamulidwa iwe kulibe, chigamulocho chimakhala pa mbiri yako ya ngongole zaka 6, ukadzafuna nyumba ya lendi kapena foni ya kontirakiti akubweza. Chifukwa cha £100. Ngati mukuletsa, yambani mwawalembera kuti ndalamayo mukuitsutsa ndipo nenani chifukwa chake, muwapatsenso imelo yomwe angakupezereni.

Banki imathandiza pamene rifandi ndi yako mwalamulo koma akukana kupereka, monga zikanakhalira kwa msuweni wanga akanapitiriza kumuzemba. Pamenepo umapempha banki kuti ikabweze ndalama kudzera pa khadi, ndipo ngati unalipira ndi khadi ya ngongole chinthu cha mtengo woposa £100, pali Section 75 ya Consumer Credit Act 1974 yomwe imapangitsa kampani ya khadiyo kukhala ndi udindo limodzi ndi wogulitsa. Koma adzafuna umboni, imelo yokansela, deti yake, yankho la kampani. Ukangowauza kuti ndinasiya kugwiritsa ntchito sakumvera. A Citizens Advice, bungwe la ku UK lopereka uphungu kwa anthu, nawo amathandiza mwaulere kukuuza ngati mlandu wako uli ndi mutu.

Chondipweteka china n'choti kumenya nkhondo imeneyi uli ku Lilongwe ndi ntchito payokha. Kuti ulowe mu akaunti amatumiza kodi ku nambala ya ku UK, simu ija ikukana kugwira netiweki, ukapempha kuti atumize pa imelo akuti choyamba lowani mu akaunti musinthe. Magetsi athima, bandulo yatha, macheza a pa webusaiti yawo aduka pakati ndiye uyambirenso kufotokozera munthu wina kuyambira pachiyambi za mayi ako odwala, munthu amene akungokopera mayankho olembedwa kale. Ngati mukudziwa kuti mukubwera kumudzi, konzani zimenezi musanakwere ndege, sinthani kodi izibwera pa imelo, dawunilodani kontirakiti ndi marisiti onse mu foni, ndipo zimitsani "auto-renew" tsiku lomwelo mwasaina chifukwa chaka chikatha amangodulanso £300 ina osafunsa kawiri.

Pakadali pano a kampani yanga ija atsika kuchoka pa £100 kufika pa £60, akuti ndi chifundo chawo. Ndawayankha kuti sindikupempha chifundo, ndikupempha masamu, ndipo ndatumiza dandaulo lolembedwa ku ofesi yawo ya madandaulo ndi mfundo ya Consumer Rights Act ija. £28 ili pambali, ndikudikira yankho lawo.