Ndikaweruka ndaweruka, musandilondole pa foni

Dzulo ndakwiya zedi, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Ndimagwira ntchito pa risepushoni ya loji ina m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Shifiti yanga imatha 5 koloko madzulo. Ndinaweruka, ndinakwera minibasi mpaka pa boma, kenako kabaza kukafika kunyumba, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kunoku. Ndinaphika, tinadya, ndinakhala pansi ndi mwana wanga wa sitandade 5 kuti timalize masamu a kusukulu. Magetsi anali atazima, tikuwunikira ndi tochi ya foni. Nthawi ili 9:40 usiku foni ija inanjenjemera m'manja mwanga, uthenga wa WhatsApp wochokera kuntchito.

"Asisi muli maso?"

Sindinayankhe. Patadutsa mphindi zitatu: "Asisi holo ya misonkhano ndi zingati pa tsiku?" Kenaka chizindikiro cha funso. Kenakanso china. Kenaka foni yeniyeni, kuyimba. Mwana anangotseka kope n'kunena kuti, "Amama yankhani, ndimaliza mawa." Mawu amenewo ndi amene andipweteka kuposa zonse. Mwana wazolowera kuti foni ikalira, iye ndiye woyamba kusiyidwa.

Mtengo wa holo umenewo uli papepala lomata pakhoma, kumbuyo kwenikweni kwa mpando umene wofunsayo anakhalapo. Akanangotembenuza khosi. Msonkhano wake ndi wa mwezi wamawa. Lero m'mawa ndangolowa pakhomo, abwana andilandira ndi mawu akuti, "Mayi, munawerenga koma simunayankhe, timizere tinabiriwira." Eya, tinabiriwira. Ndinawerenga chifukwa foni inali m'manja mwanga ngati nyali. Kuwerenga sikuvomera kuti ndabwerera ku ntchito.

Ndikaweruka ndaweruka. Nthawi ya madzulo ndi yanga, ndi ya ana anga, ndi ya bambo akunyumba, ndi ya mayi anga amene amadikira kuti ndiwayimbire. Sindinaigulitse kwa munthu. Pepala limene ndinasayina polowa ntchito linalemba maola, silinalembe kuti mpaka pamene tulo tindigwire. Ena amati ndi chifukwa antchito ndi ochepa, ena amati mabwana nawonso amapanikizidwa ndi eni ake. Kaya. Zimenezo sizisandutsa 9:40 usiku kukhala 9:40 m'mawa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ena mumati ndi kauthenga kamodzi chabe. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. Limatinso ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo ukagwira pa tsiku lako lopuma amalipira kuwirikiza kawiri. Tiyerekeze kuti munthu amalandira K208,000 pa mwezi pa maola 48 pa sabata. Pa mwezi ndi maola pafupifupi 208, ndiye kuti ola lake ndi K1,000, ovataimu ndi K1,500. Tsopano munthu ameneyu madzulo aliwonse azitaya mphindi 40 kuyankha mauthenga, kufufuza nambala ya mlendo, kukumbutsa amene ali pa shifiti kuti makiyi a chipinda chakuti ali pati. Masiku 6 ndi maola 4. Ndi K6,000 pa sabata, K24,000 pa masabata anayi. Ndani analandirapo ndalama imeneyo? Lamuloli linalembedwa WhatsApp isanabadwe, poti inayamba mu 2009, choncho silitchula za mauthenga a pa foni. Koma ntchito ndi ntchito, kaya waigwirira pa kauntala kaya pamkeka. Ku France anaona vutoli n'kuika lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, lokakamiza makampani a antchito 50 kapena kuposa kuti akambirane ndi antchito awo za ufulu wozimitsa mafoni akaweruka. Ife kuno tikadali kufunsana za timizere tobiriwira.

Ndipo ndalamayo ndi nkhani yaing'ono. Chimene chimapita ndi mutu. Uthenga umodzi ukalowa, ngakhale uyankhe m'mphindi imodzi, maganizo apita ku loji ndipo sabwerera msanga. Uli pa mbale ya nsima koma ukuganiza ngati alendo a m'chipinda chachitatu analipira. Mwana akukuuza za kusukulu, iwe ukungoti eee, eee, osamva kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa. Kunyumba sulipo, kuntchito sulipo, m'mawa ukufika wotopa n'kulakwitsa risiti, omwewo amene anakusowetsa tulo n'kumati wayamba ulesi.

Musandimve molakwa, zadzidzidzi zilipo, makamaka ntchito yathu ino. Mlendo akadwala usiku ndipo pakufunika galimoto yothamangira naye kuchipatala, imbani. Mwera ukakuntha boti la alendo lisanabwerere, imbani. Basi ya alendo 30 itafika pageti koma m'buku mulibe dzina lawo, ndipo ndine amene ndinalandira bukingi yake, imbani ngakhale 1 koloko usiku, ndidzuka. Chozindikirira n'chapafupi: kodi chinthuchi chikadikira mpaka 7 koloko m'mawa, pali amene avulale, agone panja kapena ndalama itayike? Ngati yankho ndi ayi, chidikire. Mtengo wa holo ungathe kudikira. Ndandanda ya mashifiti a sabata yamawa ingathe kudikira. Lipoti limene munalikhalira masiku anayi n'kulikumbukira mutakhuta nsima, limenelo ndiye lidikire ndithu. Zengerezu analinda kwawukwawu. Kuchedwa kwanu kusasanduke ngozi yanga.

Kuyambira lero ndachita izi, ndipo ndauza aliyense pamaso, osati mobisa. Ndanena kwa abwana kuti, "Bwana, ikakwana 6 koloko madzulo sindiyang'ana WhatsApp ya ntchito mpaka m'mawa. Pakagwa chadzidzidzi mundiyimbire foni yeniyeni, ndiyankha." Kuuza anthu n'kofunika kwambiri, chifukwa ukangokhala chete osawachenjeza amati wayamba mwano, kapena amaganiza kuti foni yabedwa n'kuyamba kuyimbira bambo akunyumba. Zinandichitikirapo zimenezo.

Pa foni, gulu la kuntchito ndalitseka pakamwa. Mumatsegula gululo, kudina dzina lake pamwamba, n'kusankha Mute, ndipo imakufunsani ngati mukufuna 8 hours, 1 week kapena Always. Ine ndasankha Always, ndizilitsegula ndekha ndikafika ku ntchito. Koma dziwani malire ake: munthu akakutchulani dzina ndi chizindikiro cha @ kapena akayankha uthenga wanu mwachindunji, foni imalirabe. Timizere tobiriwira tija ndatizimitsa polowa Settings, Privacy, Read receipts. Apanso pali msampha umene ambiri sadziwa. Kuzimitsako kumagwira pa macheza a anthu awiri okha. M'magulu wotumiza amaonabe amene wawerenga, ndiye ngati simukufuna mlandu m'mawa, gulu musalitsegule n'komwe. Komanso mukazimitsa, nanunso simuonanso ngati anzanu awerenga zanu. Ine ndavomera.

Chimene chikugwira ntchito kwambiri ndi Do Not Disturb ya foni yeniyeniyo, imene imaletsa foni yonse kulira. Pa mafoni a Android mungathe kuika nthawi yoti iziyamba yokha ndi kutha yokha, ine ndaika 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Mumasankha anthu oti azidutsa, amene mwawaika kanyenyezi m'manambala anu. Ine ndaika mayi anga, bambo akunyumba, achimwene anga a ku Namwera ndi nambala ya pa risepushoni. Palinso poti munthu akaimba kachiwiri pasanathe mphindi 15 foni ilire, choncho wa ngozi yeniyeni sangandisowe. Amene ali ndi foni ya makhadi awiri, wina wa Airtel wina wa TNM, angathe kupereka nambala imodzi ku ntchito ina n'kusungira abale. Koma izi zimathandiza ngati mwayamba nazo pachiyambi. Nambala yako ikangolowa m'gulu la anthu 40, yapita basi.

Makina okha sakwanira. Ndaonanso mbali imene ingatseke pakamwa pa ofunsa: buku losiyirana shifiti. Ndisananyamuke ndizilemba zipinda zimene zili ndi anthu, amene walipira ndi amene sanalipire, amene akufika usiku ndi nambala zawo, kumene kuli makiyi, amene akufuna chakudya cha m'mawa msanga. Mphindi 10 zokha. Wolowa shifiti awerenge ndili pomwepo, afunse zonse ndisanatuluke pageti. Akadzafunsa usiku chinthu chimene chili m'bukumo, yankho lake alipeza m'mawa, ndipo lidzakhala lakuti tsegulani buku.

Ndipo chimene chimawononga zonse ndi kuyankha kamodzi. Ukangoyankha usiku umodzi chifukwa cha manyazi, wawaphunzitsa kuti 6 koloko ija inali nthabwala, amene akakamira amayankhidwa. Mawa atumiza zizindikiro za funso zisanu m'malo mwa ziwiri. Ndikudziwa kuti ntchito ikusowa, ndikudziwa kuti amene ali pa purobeshoni sangayankhule ngati ine amene ndakhalitsa. N'chifukwa chake ife akalekale tiyambe ndife, ndipo mabwana muyambe ndinu. Uthenga wa bwana usiku sufanana ndi wa mnzako. Ngakhale mulembe kuti muyankha mawa, wamng'ono sagona mpaka atayankha. Lembani pakapepala, mudzatumize m'mawa. Mnzathu wina wa kukhitchini anatuluka mu mzikiti atatha swala ya usiku n'kupeza mafoni 7 osayankhidwa, nkhani yake kufunsa ngati chambo cha mawa chagulidwa. Munthu asapemphere? Asadye? Asagone?

Ndikaweruka ndaweruka. Nyumba yanga si nthambi ya ofesi.

Ndiye pali inu a mauthenga a mawu. Mphindi zinayi zathunthu, ziwiri zoyambirira ndi moni ndi kutsokomola, kumbuyo kukumveka wailesi ndi ana akulira, nkhani yeniyeni ili kumapeto, ndipo ndi yoti ikanakwana m'mawu asanu olemba. Ndimvetsere pati, pamaso pa apongozi? Bandulo yake ndi yanga, ndagula ndi ndalama yanga, palibe tsiku limene ofesi inandigulirapo mayunitsi ngakhale a K500. Foni ndinagula ndekha, kutchaja magetsi akazima ndimalipira ndekha pa shopu ya sola. Ndipo amene anandiika m'gulu lachinayi la kuntchito osandifunsa, lija la komiti yokonza phwando la Khirisimasi, andichotsemo lero lomwe.