Jenereta ikulira mu vidiyo yanu, ndipo AI siikumva

Abale opanga mavidiyo, makamaka inu ojambula zinkhoswe, maukwati ndi makwaya, maganizo anga ndi oti nkhani ya saundi musamaisiyire AI yolemba mawu ija. Ndikunena ija mumailembera funso nkukuyankhani ndi zolemba basi, zida zina zotsukira mawu zimene zimalandira failo ya saundi imeneyo ndi nkhani ina. Yolembayi sinamvepo vidiyo yanu ndipo siidzaimva, olo muipatse zonse zimene ankhoswe ananena zitalembedwa bwinobwino, m'zolembazo mulibe jenereta, mulibe mphepo, mulibe mwana amene amalira kumbuyo kuja. Manambala imene imakupatsani imawatenga pa zimene anthu ena analemba za mavidiyo awo. Nthawi zina amagwira, nthawi zina amakuwonongerani ntchito yonse.

Chitsanzo chosavuta ndi kulira kwa magetsi, kuja kumamveka kuti huuum pansipansi mukalumikiza kamera ku mikisa ya a DJ. Magetsi athu kuno ku Malawi, chimodzimodzinso ku Zambia, ku Joni ngakhale ku Mangalande, amayenda pa 50 Hz, pomwe ku Amereka ndi 60 Hz, ndiye poti malangizo ambiri a saundi pa intaneti analembedwa ndi anthu a ku Amereka musadabwe mukauzidwa kuti dulani pa 60 Hz. Mudula inde, koma huuum uja akhalabe pompo chifukwa ali pa 50, ndi ana ake pa 100 ndi 150. Ndipo ngati inali jenereta yaying'ono sikhala pa 50 ndendende, a DJ akakweza besi kapena wina akayatsa ketulo injini imalemedwa liwiro nkusintha, kulirako nkusunthanso. Zimenezi munthu amene sakumva failoyo sangazidziwe. Inuyo mu Audacity, pulogalamu yokonzera saundi yomwe ndi yaulere, sankhani kachigawo kamene palibe akulankhula mupite pa Analyze kenako Plot Spectrum, muona kansonga kataima pa nambala yeniyeni, mudule pamenepo ndi Notch Filter.

Tiyerekeze kuti mwajambula malangizo a ankhoswe pachinkhoswe, panja, mu tenti, kamera ili mamita awiri kuchokera pakamwa pawo, jenereta ili kuseri kwa nyumba. Pofika kunyumba mawu a ankhoswe akufika pa -24 dB akakweza, phokoso lili cha pa -40 dB. Mpata wa pakatipo, 16 dB, ndiye chuma chanu chonse, ndipo voliyumu siiusintha, mukakweza mawu ndi 15 dB jeneretanso yakwera ndi 15 dB. Nchifukwa chake kutsuka kumayamba, kukweza kumabwera pambuyo.

Choyamba High-Pass Filter pa 80 Hz, imachotsa kugunda kwa pansi kwa mphepo ndi injini popanda kukhudza kwambiri mawu a munthu. Kenako Noise Reduction, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapha vidiyo ndi manja awo. Chidachi chimafuna muchiphunzitse kaye phokoso, ndiye mumasankha sekondi imodzi kapena ziwiri pamene ankhoswe apuma, pali jenereta yokha, nkudina Get Noise Profile, kenako nkusankha failo yonse nkuchotsa. Mukasankha malo amene wina anatsokomola kapena amayi amalulutira patali chimaphunzira zimenezonso ngati phokoso ndiye chiyamba kudya mawu a anthu. Nambala ya Noise reduction (dB) yambani pa 6, mvetserani, kwerani ku 9, mwina 12. Mukathamangira 24 chifukwa mwawerenga penapake kuti ndiye yabwino, jenereta itha ndithu koma ankhoswe azimveka ngati akulankhulira pansi pa madzi, ndi timaphokoso tina tachitsulo tongolira tswii tswii kumapeto kwa mawu aliwonse. Zoyamba kufa ndi timawu tampweya, s, f, ts, ndi kampweya kaja ka pa ph, th ndi kh, ndipo Chichewa chikasowa zimenezi munthu amamva kuti akulankhula koma osagwira zimene akunena.

Pali batani lina limene sindiona anthu akuligwiritsa ntchito, Residue. Mukasankha limeneli mumamva zimene zikutayidwa m'malo mwa zotsala. Ngati m'zotayidwazo mukutha kumva mawu a ankhoswe mpaka kuzindikira kuti apa akuti banja ndi kupirira, mwadula mopyola, bwererani. Muyeso umenewu ndi wa khutu basi, palibe nambala imene mungalembere AI kuti ikuuzeni ngati mawu ayamba kumira. Ine ndimati bola kajenereta kamveke patali mawu ali amoyo, owonera amakazolowera pakangopita masekondi ochepa nkukaiwala, koma mawu ophwanyika amatopetsa mpaka vidiyo kutha.

Komanso chida cha Noise Reduction chija chimagwira phokoso losasintha lokha, fani, firiji, huuum wa magetsi. Tambala, galu, njinga yamoto ya kabaza yodutsa, kulira kwa sipika maiki ikayandikira, mvula yoyamba ndi kusiya padenga la malata, izi sichingathe, mumachita kudula pamanja kapena kungovomereza. Ndipo zoona zake mankhwala enieni anali tsiku lojambula lija. Mukachepetsa mtunda wa pakati pa maiki ndi pakamwa ndi theka mawu amakwera ndi pafupifupi 6 dB jenereta ili chimodzimodzi, ndiye kuchoka pa mamita awiri kufika pa masentimita 25 mwapeza 18 dB yaulere, kuposa zimene Noise Reduction ingakupatseni osawononga kanthu. Kamaiki kobaya pa kolala kaja, kapena foni yachiwiri m'thumba la jekete la ankhoswe ikujambula mawu okha, basi nkhani yatha. Pojambula onetsetsani kuti mawu akusewera cha pa -12 dB, chifukwa akagunda 0 dB amang'ambika ndipo kung'ambika kumeneko kutsitsa voliyumu sikukonza, mungokhala ndi mawu ong'ambika otsika.

Tsopano zolinganiza mawu. Pachinkhoswe a MC amakuwa, ankhoswe akuchikazi amalankhula motsitsa mwaulemu, owonera pa foni amakhalira kukweza ndi kutsitsa mpaka kutopa nkupita pa vidiyo ina. Musayambe ndi Compressor, chida chofinya mawu okwera kuti ayandikane ndi otsika, yambani ndi manja, chigawo cha a MC chitsitseni, cha ankhoswe aja chikwezeni mpaka mukatseka maso onse azimveka ngati aima malo amodzi. Kenako ndiye Compressor pang'ono, Ratio ya 3:1 imakwana, ndipo mvetserani pamene munthu wapuma, mukamva jenereta ikukwera akasiya kulankhula nkutsikanso akayamba, ngati ikupuma nawo, mwafinya kwambiri.

Apa pokha ndi pamene ndimavomereza kuti AI yolemba ili ndi ntchito, chifukwa kukula kwa mawu kumayezeka ndipo muyeso ndi zolemba. Ngati muli ndi pulogalamu ya ffmpeg pa laputopu, lembani lamulo ili:

```
ffmpeg -i chinkhoswe.mp4 -af loudnorm=print_format=summary -f null -
```

Kumapeto muona mizere ngati Input Integrated ndi Input True Peak. Woyambawo ndi kukula kwa mawu a vidiyo yonse mu muyeso wotchedwa LUFS, wachiwiri ndi nsonga yapamwamba kwambiri. YouTube imalinganiza mavidiyo cha pa -14 LUFS, yokuwa kwambiri imaitsitsa koma yotsika kwambiri musayembekezere kuti ikukwezerani, ndiye yanu ikatuluka -27 anthu azikanikiza foni kukhutu. Mu Audacity muli Loudness Normalization, ikani -14 kapena -16, kenako Limiter kuti nsonga zisapyole -1 dB. Manambala ngati amenewa mukawapereka kwa AI masamu ake itha kukuthandizani, ingathenso kukulemberani lamulo la ffmpeg. Koma -14 LUFS ya mawu oyera ndi -14 LUFS ya mawu omira m'madzi papepala ndi nambala imodzimodzi, ndiye isakunamizeni kuti zonse zili bwino.

Nyimbo ndiye pamene timakangana ndi anzanga ambiri. Mwaikonda nyimboyo, mwaisankha nokha, ndipo mawu a ankhoswe mwawamva kambirimbiri pokonza mpaka mwawaloweza pamtima, ndiye ubongo wanu ukudzaza wokha pamene nyimbo yaphimba, inu nkumati zikumveka. Munthu amene akuonera koyamba sakumva kanthu. Poyambira pabwino nyimbo ikhale 18 mpaka 20 dB pansi pa mawu munthu akamalankhula, izikwera pokhapokha pamene palibe wolankhula, pa perekaniperekani paja kapena pamene kamera ikuonetsa ziwiya zimene apatsidwa. Audacity ili ndi Auto Duck yochita zimenezi yokha, mzere wa mawu uyenera kukhala pansi penipeni pa mzere wa nyimbo, koma muichedwetse pobwerera chifukwa ikamalumpha mmwamba pa mpumo uliwonse wa ankhoswe zimanyansa.

Ndipo 20 dB imeneyo si lamulo. Gitala yekha woyimba pang'onopang'ono atha kukwererapo osavuta, koma nyimbo ya kwaya kapena iliyonse yokhala ndi mawu imalimbana ndi wolankhula malo amodzimodzi, cha pakati pa 1000 ndi 4000 Hz pamene khutu limagwirira mawu, ndipo munthu sangamvetsere Chichewa cha anthu awiri nthawi imodzi olo mutsitse bwanji. Pansi pa malangizo ikani nyimbo yopanda mawu, ya kwayayo muisungire poyambira ndi pomalizira. AI mukaiuza dzina la nyimbo sidziwa ngati pa mphindi yachiwiri palowa kiyibodi yolira mokweza, inu ndi amene mwamva.

Chomaliza, ambiri amene adzaonere vidiyoyo ndi achibale pa WhatsApp, pa kasipika ka foni, mwina ali mu minibasi. Kasipika kameneko besi sikatulutsa, ndiye huuum wa 50 Hz uja pa foni simumumva nkomwe, mumadzamumva tsiku limene eni ake aika vidiyo pa TV yolumikiza ku wufa pabalaza alendo atadzaza. Mahedifoni nawo amanamiza mbali inayo, amalekanitsa nyimbo ndi mawu bwinobwino pomwe pa foni zonse zimaunjikana pamodzi. Ndiye musanatumize mvetserani ponse patatu, mahedifoni, wufa ndi foni yotchipa, ndipo pa foniyo mupatse munthu amene kuchinkhosweko kunalibe, aonere mphindi imodzi voliyumu ili pakati, kenako mumufunse kuti ankhoswe anati chiyani. Akayamba ndi kaya, tsitsani nyimbo ndi 3 dB mumupatsenso.